Sikirepa yanga yafafaniza mitengo 16,200 usiku umodzi, inayamba ndi 429 kenako 403

Chikondi wa ku Turffontein, Loweruka 07:12

Mwadzuka bwanji nonse. Ndavulala kuno, ndithandizeni maganizo.

Ena mukudziwa kuti ndimatolera mitengo ya zipangizo za galimoto pa tsamba la sitolo ina yogulitsa mopikulitsa kuno ku Joni. Amene amaoda katundu wotumiza kumudzi pa basi amaona mitengoyo pa ndandanda wanga asanapite kukagula. Masamba alipo 18,000. Kwa miyezi ingapo sikirepa yanga, pulogalamu ya Python yotolera mitengoyi, imayenda yokha ngati munthu mmodzi: itenge tsamba, ipume masekondi 2, itengenso lina. Pa mphindi imatenga masamba 20, ndiye ntchito yonse imatha maola 15. Vuto linali loti magetsi akazima pakati ndimayambiranso pachiyambi. Ndiye dzulo ndinati ndichenjere, ndinaigawa pulogalamuyo kukhala antchito 8 oyendera limodzi.

Ndinayatsa 19:00. Pofika 20:35 yatha kale, ine kusangalala mpaka kukagula nyama. M'mawa uno ndapeza kuti zinthu 16,200 zalembedwa kuti zatha m'sitolo, mitengo yake yafufutidwa. Mu logi muli 429 wambirimbiri, kenako kuyambira 19:26 ndi 403 yekhayekha mpaka kumapeto. Khodi yake ndi iyi:

```python
if r.status_code == 429:
    time.sleep(5)
    continue
if r.status_code != 200:
    lemba_kuti_chatha(url)
```

Ndiyatsenso kapena ndidikire? Makasitomala ayamba kale kundiimbira.

Che Bwanali, 07:20

Achimwene, inenso foni yanga imalemba manambala ngati amenewo bando ikatha. Mwaona ngati deta ilipo? Nthawi zina timavutika ndi zazikulu pomwe nkhani ndi ya R29 basi.

Chikondi wa ku Turffontein, 07:23

Deta ilipo Che Bwanali, ndi intaneti ya waya ya pa nyumba. Manambalawa akuchokera kwa eni tsamba, ndiye kuti uthenga wanga ukufika ndithu, kungoti akundikana.

Yamikani, 07:31

Aise usadandaule, izi n'zazing'ono. Choyamba, `requests` imadziulula yokha, imatumiza `User-Agent` yolembedwa `python-requests` ndi nambala yake, ndiye amakuzindikira msanga. Ika ya bulawuza. Chachiwiri gula mapulokisi, adiresi izisintha pa pempho lililonse, sangakugwire. Chachitatu siya kulemba `sleep` pamanja, pali kale chida chake:

```python
Retry(total=5, backoff_factor=2,
      status_forcelist=[403, 429, 503])
```

Uchimangirire pa `Session` kudzera mu `HTTPAdapter`, basi wathana nazo.

Nachisale, 07:48

A Chikondi, musayatse kaye. Ngati pali `cron` kapena china chilichonse choti chiyatsa yokha madzulo ano, chizimitseni panopa tisanapitirire.

Ine ntchito yanga ili mbali inayo, ndimayang'anira maseva ku Randburg, ndiye ma 429 amenewa ndine ndimawatumiza kwa anthu ngati inu. Ndikufuna zinthu zitatu. Kodi munasunga maheda a yankho loyamba la 429? Masamba amene anabwera bwino 429 woyamba asanafike analipo angati? Ndipo 403 uja ali ndi mawu otani m'kati mwake?

A Yamikani, za 403 mu `status_forcelist` zija tikambirana, koma ayi.

Chikondi wa ku Turffontein, 08:05

Mwayi wake ndimasunga mayankho onse olephera mu foda. Pempho loyamba linapita 19:00:04. 429 woyamba ndi uyu, anabwera 19:03:51:

```
HTTP/1.1 429 Too Many Requests
Retry-After: 373
```

Masamba abwino asanafike iyeyu ndawerenga, ndi 600 ndendende. Cha m'ma 19:10 inayambanso kuyenda, inatenga ena 600, n'kukanidwanso. 19:20 chimodzimodzi. Onse pamodzi 1,800. 403 ndi katsamba kakafupi, kangolembedwa `Access denied` ndi nambala ina yayitali pansi pake.

Nachisale, 08:34

Ndiye nkhani yonse ili m'manja mwanu kale, seva inakuuzani zonse koma pulogalamu yanu sinamvere.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Kuchokera 19:00:04 kufika 19:03:51 ndi masekondi 227. Seva inati mudikire masekondi 373. Mukaphatikiza 227 ndi 373 mupeza 600, omwe ndi mphindi 10. Ndipo masamba amene munalandira analinso 600. Apa zikuoneka kuti lamulo lawo ndi lakuti adiresi imodzi ipemphe ka 600 pa mphindi 10 zilizonse. Mukamaliza gawo lanu msanga, mudikire mpaka mphindi 10 zija zikwane. Kale munkapempha ka 200 pa mphindi 10, n'chifukwa chake miyezi yonseyi palibe anakuyankhulani. Antchito 8 aja anakufikitsani pa 160 pa mphindi, gawo lonse linatha mphindi 4 zisanakwane.

Mpaka pamenepo panalibe mlandu. 429 si chilango, ndi munthu amene wakutsina khutu. Cholakwika chinachitika m'masekondi 373 aja. Wantchito aliyense amagona masekondi 5 n'kugogodanso. M'masekondi 373 ndiye kuti aliyense anagogoda pafupifupi ka 74, ndipo alipo 8, ndiye kugogoda pafupifupi ka 600 pa chitseko chomwe mwauzidwa kuti chitsegulidwa nthawi yakuti. Munachita zimenezi kawiri kathunthu, kachitatu anakudulani pakati. Kwathu kuntchito timachitanso choncho: pali lamulo loyamba lowerenga mapempho, ndiye pali lachiwiri lowerenga amene akupitiriza atakanidwa. Loyamba limapereka 429, lachiwiri limatseka adiresi.

Chimene ndikufuna mugwire ndi ichi. Khodi yanu imaona 429 ngati vuto la tsamba limodzi, ngati kuti tsambalo ndi lomwe lakana. Koma seva sikuwerenga tsamba, ikuwerenga inuyo. Wantchito mmodzi akalandira 429, onse 8 ayenera kuima nthawi yomweyo, ngakhale amene sanakanidwe. Nthawi yodikira ikhale imodzi ya sikirepa yonse pa seva imeneyo, osati aliyense ndi wotchi yake.

Yamikani, 08:41

Koma achemwali, `Retry` ndanena ija imalemekeza `Retry-After` yokha popanda kuiuza. Ikaona heda imeneyo pa 429 kapena 503 imagona nthawi yonse yanenedwayo. Ndiye ikanamupulumutsa.

Nachisale, 08:58

Pamenepo mukunena zoona, ndipo ikanachepetsa kwambiri. M'malo mogogoda ka 600 akanagogoda ka 8 kokha, wantchito aliyense kamodzi, n'kugona. Mwina 403 sakanabwera n'komwe. Koma imagoneka wantchito yekhayo amene waitana, anzake sadziwa kanthu mpaka aliyense akadzigundire yekha khoma. Kenako onse 8 amadzuka pa sekondi imodzimodzi n'kuthamanganso liwiro lomwe lija, ndiye mphindi 10 zilizonse mukukanidwa. Kudikira kokha sikukwanira, liwiro nalo litsike. Komanso kugonako kumachitikira m'kati mwa `session.get()`, logi yanu siionetsa kanthu pokhapokha mutaiuza, mumangoona ngati pulogalamu yauma.

Zoika 403 m'gulu lobwereza ndiye ndikukana ndithu. 429 akuti bwera nthawi ina. 403 akuti ndamva chimene ukufuna ndipo sindikupatsa. Pempho lomwelo ukalibwereza kasanu yankho silisintha, umangodzilembetsa m'buku la osamva.

Limbani, 09:15

Ndiponyepo mwala pang'ono. Kusiyanitsa kumeneku n'kwabwino pa pepala, koma maseva ambiri satsata. 429 inabwera mochedwa, mu RFC 6585 ya 2012, ndipo ngakhale m'menemo `Retry-After` ndi yongofuna, seva ikhoza osaitumiza. nginx ukaika `limit_req` osasintha kanthu, wopyola malire amalandira 503, osati 429, mpaka mwini wake alembe `limit_req_status 429`. GitHub nayo ukapyola malire ikhoza kukupatsa 403 kapena 429, umadziwira pa `x-ratelimit-remaining` kuti yafika 0, ndipo `x-ratelimit-reset` imakuuza nthawi yoyambiranso. Ndiye wina akaloweza kuti 403 ndi chitseko chokhomedwa ndi misomali, tsiku lina adzaimitsa ntchito yonse pomwe amangofunika kudikira mphindi 20.

Nachisale, 09:27

Eya a Limbani, n'chifukwa chake ndinafunsa zam'kati mwa 403 uja ndisananene kanthu. Nambala yokha siikuuza chochita. 403 wobwera ndi `Retry-After` kapena heda yonena za malire, muchite naye ngati 429. 503 wobwera pomwe mwangowonjezera liwiro, chimodzimodzi. Koma wa a Chikondi alibe zimenezo, ndipo wagwira masamba onse nthawi imodzi.

Tadala, 09:44

Ine zinandichitikira mosiyana, mwina zithandiza wina. Ndimatenga ndandanda wa katundu pa tsamba la kampani yomwe abwana anga ali ndi akaunti, ndi chilolezo chawo. Ndimagwiritsa Scrapy. Tsiku lililonse ikayenda maola awiri, 403 amayamba, osaphonya. Ndinatsitsa liwiro mpaka tsamba limodzi pa masekondi 10, koma maola awiri akakwana, 403. Sabata yonse ndimaganiza kuti andigwira. Kenako ndinaona kuti nthawi yake sisintha kaya ndithamange kaya ndikwawe. Anali malowedwe anga amene amatha mphamvu pakatha maola awiri, ndipo tsambalo m'malo monditumiza kukalowanso limangoti 403. Panopa ikaona 403 imalowanso kamodzi, ikakanidwanso ndiye imaima.

Ndiye a Chikondi mwina ndi `Cookie` chabe.

Chikondi wa ku Turffontein, 09:50

Kwanga kulibe zolowa ndi pasiwedi achemwali, mitengo ili poyera aliyense amaiona. Koma mfundo yoona ngati vuto likutsata wotchi kapena likutsata kuchuluka kwa mapempho ndaitola.

Tadala, 09:56

Chabwino. Koma poti ndatchula Scrapy, ena asapusitsike nayo. Imabwereza 429 yokha, kawiri, chifukwa ili kale mu `RETRY_HTTP_CODES`, koma siwerenga `Retry-After`. Imangobweza pempholo pa mzere. `AUTOTHROTTLE_ENABLED` nayo imayang'ana kuchedwa kwa mayankho, osati kuti seva yanena kuti dikira. Zoimitsa zonse uyenera kulemba wekha.

Nachisale, 10:20

A Chikondi, tiyeni tidziwe kaye kuti 403 wanu ndi wamtundu wanji. Mayeso ake ndi mapempho atatu okha, musapyole apo. Sankhani tsamba limodzi lomwe mukudziwa kuti lilipo, monga la chipangizo chomwe chimagulitsidwa tsiku lililonse. Litseguleni pa bulawuza pa intaneti ya pa nyumba yomweyo. Kenako lomwelo ndi `curl` pa makina a sikirepa:

```
curl -s -D - -o yankho.html "$URL"
```

Kenako litseguleni pa foni ndi deta ya foni, mutazimitsa intaneti ya pa nyumba pa foniyo.

Bulawuza ya pa nyumba ikakanidwa koma foni n'kudutsa, atseka adiresi yanu. Bulawuza ikadutsa koma `curl` n'kukanidwa pa waya womwewo, ndiye kuti adiresi ilibe mlandu, akukana mapulogalamu. Zonse zitatu zikakanidwa, tsambalo ndi lomwe latsekedwa kwa aliyense. Zonse zikadutsa, chitseko chatsegulidwa kale usiku.

Chikondi wa ku Turffontein, 10:39

Bulawuza ya pa nyumba: `Access denied`. `curl`: 403. Foni: tsamba latseguka bwinobwino. Ndiye ndi adiresi. Ndipo mayi a kunyumba angondifunsa chifukwa chake tsamba la sitolo lija silikutseguka pa laputopu yawo, poti nawonso amaonerapo mitengo. Sindinayankhe.

Yamikani, 10:43

Hahaha wamutseketsa mlamu. Ndiye basi aise, yankho lapezeka. Lumikiza makinawo ku foni, kapena zimitsa rauta kwa mphindi zingapo mwina ikupatsa adiresi ina. Madzulo ano ntchito yatha.

Nachisale, 11:10

Zikhoza kugwira lero, sindikana. Koma taganizani zimene zichitike. Adiresi ya deta ya foni nthawi zambiri si yanu nokha, makampani a mafoni amaika anthu ambiri kuseri kwa adiresi imodzi. Mukaipsereza, mwatsekera anthu osalakwa, ndipo gawo la 600 lija mwina mukugawana ndi ena omwe simukuwadziwa, ndiye masamu anu onse asokonekera. Chachiwiri, ife a mbali ino tikaona munthu yemwe tamutseka wabweranso ndi adiresi ina, akuyenda masamba omwewo mu ndondomeko yomweyo, sitimuonanso ngati wolakwitsa. Timayamba kutseka potengera khalidwe, ndipo zikafika apo ngakhale liwiro laulemu lija la miyezi yonseyi silidzadutsanso. Panopa a Chikondi ali ndi mbiri yabwino ya miyezi ingapo ndi usiku umodzi woipa. Imeneyo ndi nkhani yosavuta kupepesa.

Kutseka kotere kawirikawiri kumakhala ndi nthawi yake, ola limodzi, tsiku, nthawi zina kuposerapo. Pa makina ena, kugogoda uli wotsekeredwa kumayambitsanso wotchiyo. Ndiye pempho limodzi pa tsamba loyesera lija, kamodzi pa maola 6, n'lokwanira.

Yamikani, 11:18

Komatu mitengoyo ili poyera. Munthu ndi maso ake akhoza kuikopera m'kope tsiku lonse palibe angamuletse. Kusiyana kwake n'chiyani? Makampani akuluakulu ofananitsa mitengo mukuganiza amapempha chilolezo kwa aliyense? Ife tokha amphawi ndiye tizigwada?

Limbani, 11:35

Funso la Yamikani si lopusa. Kwa ine malire ali apa: kuwerenga zapoyera mwaulemu ndi nkhani ina, kuzembera chitseko chomwe mwini wake wakutsekera iweyo ndi nkhani inanso. Dziko lino lili ndi lamulo la milandu ya pa makompyuta la 2020, ndipo muli mlandu wolowa m'makina a eni popanda chilolezo. Ine ndi pemiti yangayi sindingafune kuti loya akayesere pa dzina langa ngati kusintha adiresi utatsekeredwa kukulowa m'menemo. Koma ndikuvomereza kuti anthu ambiri amachita ndipo amagona tulo.

A Chikondi, `robots.txt` yawo munaiwerengapo? Ndi malamulo ogwiritsira ntchito tsambalo?

Chikondi wa ku Turffontein, 11:52

Ndaiona pa foni. Yaletsa `/cart/` ndi `/search`, masamba a katundu sanaletse. Palibe `Crawl-delay`. Malamulo awo ndi aatali, ndiwerenga madzulo.

Koma a Nachisale, tinene kuti anditsegulira. Ndilembe bwanji kuti zisachitikenso? Ndipo za magetsi zija zikadalipo, maola 15 ndi ambiri.

Nachisale, 12:40

Yambani ndi bala lalikulu, lomwe si 429 kapena 403, koma mzere uwu: `!= 200` ndiye kuti chatha. Chinthu chilembedwe kuti chatha pokhapokha seva itanena 404 kapena 410, kapena tsamba lenilenilo litalemba kuti katunduyu kulibe. China chilichonse, kaya 403, 429, 500, kaya waya waduka, tanthauzo lake ndi lakuti lero sindinathe kuona. Mtengo wakale ukhale pomwepo ndi deti lomwe munauona komaliza. Ndipo ngakhale 404, ikabwera pa masamba 200 otsatizana, musaikhulupirire, sitolo sitha katundu yense nthawi imodzi. Mwina angosintha kalembedwe ka maadiresi a masamba.

Za antchito 8 zija, simukuwafuna. Malire ngati alidi 600 pa mphindi 10, ndiye pempho limodzi pa sekondi. Musayende pa mzere penipeni, siyani mpata, poti mayi a kunyumba nawonso akudya gawo lomwelo akamatsegula tsambalo. Pempho limodzi pa masekondi 1.5 ndi 40 pa mphindi, 400 pa mphindi 10. Masamba 18,000 atha m'mphindi 450, maola 7 ndi theka. Mwadula nthawi pakati ndi wantchito mmodzi yemweyo. Chinsinsi chake n'choti muziwerenga mpata kuchokera pomwe pempho lapita kufika pomwe lotsatira lipite, osati kugona masekondi 2 pamwamba pa nthawi yodikira yankho.

429 akabwerabe, werengani heda. Samalani, imabwera mitundu iwiri, nambala ya masekondi kapena deti lathunthu, ndipo detilo limakhala mu GMT pomwe ife kuno tili patsogolo ndi maola awiri. Ndinaonapo munthu akulifanizira ndi wotchi ya pakhoma, pulogalamu n'kuona ngati nthawi yodikira inadutsa kale.

```python
def masekondi(r):
    v = r.headers.get("Retry-After", "").strip()
    if not v:
        return None
    if v.isdigit():
        return int(v)
    t = parsedate_to_datetime(v)
    return max(0, t.timestamp() - time.time())
```

`parsedate_to_datetime` ili mu `email.utils`. Pa nthawi yomwe yatulukayo onjezani masekondi angapo osankhidwa mwachisawawa, kuti musafike pa chitseko sekondi yomwe akutsegula. Heda ikasowa, yambani ndi mphindi imodzi, mukakanidwanso ziwiri, kenako zinayi, kumawirikiza choncho. Tsamba lokanidwalo libwerere pa mzere, silinalakwe. Ndipo mukadzuka musabwerere pa liwiro lakale: mpata uja wa 1.5 ukhale 3, ndipo muziutsitsa pang'onopang'ono pokhapokha patadutsa masamba mazana angapo opanda dandaulo. Mukawirikiza kasanu motsatizana osalandira tsamba labwino ngakhale limodzi, imani, lero si tsiku lake.

Nachisale, 12:58

Ndinaiwala za 403, mwana anandisokoneza. Akabwera pa tsamba limodzi, musabwereze tsambalo. Dikirani mphindi imodzi, funsani tsamba loyesera lija. Likabwera bwino, ndiye kuti tsamba limodzi lija ndi lomwe lili ndi loko, mwina ndi la ogula olembetsa okha. Lilembeni pambali kuti mudzalione ndi maso, pitirizani. Loyesera nalo likakanidwa, pulogalamu isunge pomwe yafika, ikutumizireni uthenga, izime. Dzulo zikanatero mukanalandira 403 awiri m'malo mwa 16,200.

Ndipo poyesa musangoona 200. Onani ngati m'tsambamo muli mtengo. Makina ena otchinga amabweza 200 koma m'kati muli tsamba lofunsa ngati ndinu munthu.

Limbani, 13:14

Pa kuzima paja pali msampha womwe unandigwira ine. Ndinalemba bwinobwino kuti ikaona yatsekeredwa izime. Koma ndinali nditaiika pansi pa systemd ndi `Restart=always`. Ndiye imazima mwaulemu, systemd n'kuidzutsa, n'kukagogodanso, n'kuzimanso, usiku wonse. Panopa ikatsekeredwa imatuluka ndi nambala yakeyake, ndipo ndinauza systemd kuti ikaona nambala imeneyo isaidzutse:

```
Restart=on-failure
RestartPreventExitStatus=75
```

Za magetsinso yankho lake ndi lomwelo, kusunga. Mzere wa masamba ukhale mu SQLite, tsamba lililonse ndi chizindikiro chake kuti latengedwa kapena ayi. Nthawi yomwe seva yati musafunse isanakwane ilembedwenso m'menemo, ngati nthawi yeniyeni ya pa wotchi. Magetsi akabwera, pulogalamu iyambe yawerenga nthawiyo isanatumize kalikonse. Apo ayi kuzima kwa magetsi kumaiiwalitsa kuti inauzidwa kudikira.

Che Bwanali, 13:30

Ine zambirizi zandidutsa pamwamba, koma ndifunse. Bwanji osangopita ku sitoloko n'kukawapempha mitengoyo? Si inu mukuwabweretsera ogula? Ine amwenye a ku Fordsburg amanditumizira ndandanda wa mitengo ya nsalu pa WhatsApp Lolemba lililonse, sindinathyolepo chitseko cha munthu.

Tadala, 13:34

Che Bwanali mwaponya kutali kuposa tonse ophunzira.

Nachisale, 13:49

Zoonadi. Masitolo ambiri opikulitsa amakhala ndi fayilo ya mitengo yomwe amapatsa ogula okhazikika, pempho limodzi m'malo mwa 18,000. Lembani kalata yaifupi, nenani kuti ndinu ndani, mumachita chiyani, kuti Lachisanu munalakwitsa liwiro, ndipo ikanimo nambala yayitali ija ili pansi pa `Access denied`, ndi imene wa maseva angapezere nkhani yanu mu logi yawo. Ndipo mosiyana ndi a Yamikani, ine ndingati `User-Agent` ikhale ndi dzina la sikirepa yanu ndi njira yokupezerani. Ine ndikaona yotero ikuvuta ndimalemba kalata kaye. Yodzibisa ngati bulawuza ndimangotseka.

Yamikani, 13:57

Inu ndinu mmodzi achemwali. Ena akaona dzina la sikirepa amatseka pomwepo osafunsa, pomwe ukanadzibisa sakanakuona n'komwe. Ndipo ukawalembera kalata wawapatsa mpata wonena kuti ayi. Akakana ndiye utani, poti tsopano akudziwa ndi dzina lako?

Nachisale, 14:03

Akakana ndiye akana, mwadziwa pomwe mwaima. Koma kuti ena amatseka osafunsa, zimenezo sinditsutsa.

Chikondi wa ku Turffontein, Lolemba 21:16

Ndibweze mawu. Mitengo ndinaibweza kuchokera ku kope la Lachinayi, ndiye makasitomala aleka kuimba. Kalata ndinatumiza Loweruka lomwelo, sanayankhe mpaka pano. Loweruka lonse tsamba loyesera linali 403. Lamlungu 06:00 chimodzimodzi, 12:00 chimodzimodzi, 18:00 chimodzimodzi, koma pakati pa usiku linatseguka. Sindinayatse nthawi yomweyo, ndinamaliza kaye kulemba za SQLite zija.

Lero ndayatsa 09:00, wantchito mmodzi, mpata 1.5. Yayenda bwino mpaka 11:42 pomwe 429 anabwera, `Retry-After: 60`. Inaima, inadikira, mpata unakwera kufika 3, ndipo sanabwerenso. Koma a Nachisale, apa masamu athu aja sakugwirizana. Pa mphindi 10 zimenezo ndinali nditapempha ka 400 kokha, ndipo 60 si yotsala ya mphindi 10.

Nachisale, 21:40

Ndiye kuti pali lamulo lina lomwe Lachisanu simunalifike, kapena masana amafinya malire poti ogula enieni ali pa tsamba, kapena adiresi yanu aiika pa gulu loyang'aniridwa. Kuchokera pa 429 mmodzi sitingasankhepo. Muzilemba nthawi, mpata womwe munali nawo, kuchuluka kwa mapempho a mphindi 1, 10 ndi 60 zapitazo, ndi nambala ya mu heda, nthawi iliyonse akabwera. Akakwana asanu tidzaone ngati akutsata wotchi kapena kuchuluka. Ulendo wamawa muyambe 22:00 osati m'mawa. Panopa yafika pati?

Chikondi wa ku Turffontein, 21:44

Masamba 16,500, mpata unakhala pa 3 mpaka madzulo, panopa watsika kufika 2.5. Magetsi anazima 16:00 kwa maola awiri, itabwerera inapitiriza pomwe inasiyira. Masamba 14 apatsidwa 403 paokhapaokha pomwe loyesera likudutsa, onse ndi a mabatire. Ndiwatsegula pa bulawuza mawa ndione chomwe chilipo.

Yamikani, 21:47

Mabatire okhaokha? Aise tiuze mawa, zimenezo zandichititsa chidwi. Ndipo mlamu wamuuza kapena ukadali chete?